Galimoto ikulira poponda buleki, pedulo yafewa: kuchotsa mpweya kokha sikuthandiza

"Achimwene, ndili ndi Probox yomwe ndimanyamulira nsomba kuchoka ku Senga Bay kupita ku Lilongwe. Masiku ano ikulira kutsogolo ndikaponda buleki, komanso pedulo yafewa. Anzanga akuti ndingochotsa mpweya basi. Kodi ndingachite ndekha pakhomo?"

Mungathe achimwene, koma musayambire pamenepo. Matendawa ndi awiri, ndipo kuchotsa mpweya sikubwezera padi yomwe yatha.

Imikani galimoto pamalo olimba, osati pamchenga wathu wa kunyanjawu, chifukwa jeke imatitimira. Ikani miyala kumatayala otsalawo, ndipo mukakweza muchirikize ndi sitandi kapena chipika cholimba. Jeke yokha musaikhulupirire. Mukachotsa tayala lakutsogolo muona mapadi awiri atapana disiki. Yang'anani mnofu wakudawo, osawerengera chitsulo chakumbuyo kwake. Ukatsala mamilimita 3 kapena kucheperapo, sinthani, ndipo musinthe matayala onse awiri akutsogolo tsiku limodzi. Muonetsetse padi yamkati, imabisala ndipo nthawi zina imatha msanga kuposa yakunja.

Kulira kwake kumasiyananso. Kaphokoso kosongoka ngati likhweru kawirikawiri ndi kachitsulo kamene anaikirako dala kuti kazikhudza disiki padi ikatsala pang'ono. Koma mukamva kukhukhuluza ngati mukukoka lata pa simenti, ndiye kuti chitsulo chikudya chinzake, disiki ikukumbika mizere. Pamenepo galimoto isakwerenso mapiri a M14, chifukwa pobwerera kutsetsereka kuja kumafuna mabuleki amphumphu.

Kumbuyo kwa Probox kuli madilamu ndi mashuu. Amenewa amatha mwakachetechete. Chizindikiro chake ndi handibuleki yomakwera kwambiri isanagwire, ndi pedulo yomatsika patali. Tsitsani handibuleki, vulani dilamu, muone mnofu. Ukafika pafupi ndi milimita imodzi, watha. Fumbi lamkatimo musalipemerere ndi pakamwa, pukutani ndi nsalu yonyowa. Ndiye yang'anitsitsani kasilinda kamene kali pamwamba pakati pa mashuu awiriwo. Tukulani pang'ono labala wake: mukapeza chinyezi, kakudontha, ndipo n'kutheka kuti mpweya ukulowera pomwepo. Mukapanda kukasintha, mudzachotsa mpweya lero, sabata yamawa pedulo yafewanso. Mashuu onyowa ndi mafuta satsukidwa, amatayidwa.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano mpweya. Mufunika mnzanu mmodzi, kapaipi koonekera mkati, botolo loyera, sipanala ya ling'i ya 8 kapena 10, ndi mafuta a mabuleki osatsegula. Werengani pachivundikiro cha kathanki ka mafuta a mabuleki mu boneti, palembedwa DOT 3 kapena DOT 4. DOT 5 ndi mtundu wina, sasakanizidwa ndi amenewa. Botolo lomwe lakhala lotsegula miyezi lisiyeni, mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo okhala ndi madzi amawira msanga mabuleki akatentha. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuwasintha zaka ziwiri zilizonse.

Dzazani kathanki mpaka pa MAX. Injini ikhale yozima. Mwachizolowezi timayamba ndi tayala lomwe lili kutali ndi masitala silinda, pampu yomwe ili pansi pa kathankiko imene imakankha mafuta mukaponda pedulo. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, kumalizira kutsogolo kumanja. Buku la galimoto likanena zina, tsatirani bukulo.

Lowetsani paipi pa kanipo, kabawuti kotulutsira mpweya kamene kali kuseri kwa buleki ya tayala lililonse, mbali inayo imire m'mafuta pang'ono a m'botolo. Mnzanuyo apope katatu, n'kugwira pedulo pansi. Inu masulani kanipo kotala chabe. Mafuta atuluka ndi thovu, pedulo itsika. Mangani kaye, kenako mumuuze kuti "siyani". Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: phazi likachoka kanipo kali kotsegula, mpweya umabwerera momwemo. Bwerezani mpaka mupaipi muziyenda mafuta opanda kathovu n'kamodzi komwe. Ine ndimaika kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa pagalimoto yakale malabala a mu masitala amatha kung'ambika akafika pomwe sayendapo masiku onse.

Mukapopa maulendo anayi kapena asanu, pitani mukaone kathanki. Kakauma, mwalowetsa mpweya watsopano ndipo ntchito iyambiranso. Pagalimoto ya ABS mpweyawo ungakakamire pomwe pamafunika makina a kugalaja. Mafuta akagwera papenti tsukani msanga ndi madzi, amasupula. Kanipo kakakana kumasuka musalimbane nako, kamathyoka. Kathireni mafuta omasulira dzimbiri mudikire.

Mukamaliza, pondani pedulo mwamphamvu kwa theka la mphindi. Ikhale yolimba pamalo amodzi. Ikamatsika pang'onopang'ono koma kulibe podontha, vuto lili mu masitala silinda, pitani nayo kwa makaniko. Ikalimba, yesani kaye pamsewu wopanda anthu, pang'onopang'ono, musanapakire nsomba.