Ndinamulemba pa Facebook kuti ndi mbava, tsopano loya wake akufuna K5 miliyoni

"Ndili m'gulu la banki mkhonde la amayi 18. Pogawana mu Disembala ndalama zinaperewera ndi K640,000. Ndinafunsa pa WhatsApp ya gulu kuti msungichuma afotokoze, sanayankhe. Mtima utawawa ndinaika chithunzi chake pa Facebook n'kulemba kuti 'Chenjerani ndi mayi uyu, ndi mbava, wadya ndalama za gulu.' Loya wake wandilembera kuti ndipepese pasanathe masiku 7 ndi kulipira K5 miliyoni. Koma ndalama zinasowadi. Ndimangidwa chifukwa chonena zoona?"

Mayi, ndiyambe ndi za kumangidwazo, poti ndi zomwe zikukusowetsani tulo. Kale gawo 200 la malamulo a milandu ya upandu linkalola kuti munthu azengedwe mlandu ndi boma chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake polemba. Mu Julaye 2025 oweruza atatu a Bwalo Lalikulu, pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, anagamula kuti gawolo likutsutsana ndi ufulu wolankhula womwe uli m'gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko. Choncho kalata mwalandirayo ikunena za mlandu wa pakati pa inu awiri, womwe mathero ake ndi chipepeso cha ndalama, osati ndende. Komabe lamulo la 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti likadalipo, ndipo magawo 86 ndi 87 amaletsa kuzunza munthu ndi mauthenga. Mukapitiriza kumulemba kapena kumutumizira mawu oopseza, apolisi akhoza kulowererapo. Kuyambira lero musalembenso kanthu za iye.

Kukhoti mnzanuyo ayenera kuonetsa kuti mawuwo ndi otsitsa munthu pamaso pa anthu oganiza bwino, kuti ankanena iyeyo, komanso kuti anafika kwa munthu wina kupatula iye mwini. Ndikuuzeni mosabisa kuti zitatuzi sizimuvuta. Kutchula munthu mbava ndi kumuneneza mlandu wa kuba, chithunzi chake chilipo, ndipo aliyense amene anayankhapo pansi pake ndi mboni yoti anawerenga. Safunikanso kuonetsa kuti anataya ndalama kapena makasitomala, chifukwa pa mawu olembedwa khoti limatenga kuti mbiri yaonongeka ndithu. Zikatero mtolo umagwera inu.

Chishango chachikulu ndi choonadi. Mukatsimikizira khoti kuti zomwe munalemba ndi zoona, mlandu watha, ngakhale mawuwo anamupweteka chotani. Koma apa ndi pomwe anthu ambiri obwera ku ofesi kwanga amapunthwa. Iye sayenera kuonetsa kuti munanama. Khoti limayamba ndi kutenga mawu anu ngati abodza, ndipo ndinu woyenera kubweretsa umboni. Umboniwo uyeneranso kufika pamene mawu anu anafika. Inu muli ndi umboni woti K640,000 inasowa. Zomwe munalemba n'zakuti iyeyo anaiba. Pakati pa ziwirizi pali mtunda.

Taganizani mafunso amene loya wake adzakufunseni mutaima m'bokosi la mboni. Bokosi la ndalama lili ndi maloko angati, ndipo makiyi amasunga ndani? Magulu ambiri a banki mkhonde amakhoma ndi maloko atatu, makiyi n'kukhala ndi anthu atatu osiyana, msungichuma n'kumangosunga bokosi lokhalo. Ngati kwanu kulinso choncho, iye akanatsegula bwanji yekha? Buku la ngongole amalemba ndani? Kodi palibe mamembala amene anakongola osabweza, kapena amene anabweza koma mlembi sanalembe? Mukayankha kuti "aliyense akudziwa kuti ndi iyeyo," mwagwa. Koma ngati muli ndi mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money oonetsa kuti mamembala anatumiza ndalama pa nambala yake ndipo m'buku sizinalowe, kapena anavomera pamsonkhano n'kusayina kuti adzabweza, pamenepo mwaima pouma. Simufunika umboni wolimba ngati wa pa mlandu wa upandu. Chokwanira n'chakuti khoti lione kuti mbali yanu ndiyo ikulemera kuposa yake. Koma pa nkhani yoneneza munthu kuba, oweruza amafuna zogwirika.

Ndikuchenjezeni pamenepa. Munthu akaumirira mpaka kumapeto kuti ananena zoona kenako n'kulephera kutsimikiza, khoti likhoza kukweza chipepeso, chifukwa wabwerezanso chipongwecho pagulu. Musasankhe njirayi chifukwa cha mkwiyo.

Chishango china ndi chakuti munangopereka maganizo anu pa nkhani yokhudza anthu. Chimagwira ntchito ngati mwafotokoza zinthu zoona kenako n'kuikapo ndemanga yochokera pansi pa mtima. Mukanalemba kuti "Ndalama zaperewera ndi K640,000, msungichuma wakhala milungu iwiri osatiyankha, kwa ine uku n'kusasamala," mukanakhala ndi pobisala, poti wowerenga akuona pomwe ganizo lanu lachokera. Mawu akuti "wadya ndalama za gulu" si ganizo, akunena chinthu choti chinachitika. Kuikapo "akuti" kapena "ndangomva" sikupulumutsa, ndipo amene anagawa zomwe munalembazo kwa anzawo nawonso akhoza kusumiridwa ngati analemba okha.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndi nkhani ina, ndipo pamenepo sindikuda nkhawa. Lamulo limateteza munthu amene akulankhula ndi anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza iye ndi iwo limodzi. Amayi 18 aja ndi eni ndalama, ali ndi ufulu womva ndi wofunsana. Ngakhale mukanalemba kuti mukumukayikira, pambuyo pake n'kupezeka kuti munalakwitsa, chitetezochi chikanakuphimbani, bola ngati munakhulupiriradi zomwe munkanenazo ndipo simunachite ndi njiru. N'chimodzimodzi kukadandaula ku polisi. Chitetezocho chinathera pomwe munatulutsa nkhani m'gulu kupita nayo pa Facebook, kwa anthu a kumpingo kwake, apongozi ake ndi makasitomala ake, omwe analibe ngakhale tambala m'bokosimo. Ngatinso panali kale mkangano wina pakati pa inu awiri, loya wake adzaukumba kuti aonetse njiru.

Tsono kalatayo. Si chigamulo cha khoti, ndipo K5 miliyoni ndi ndalama yomwe iwo akupempha. Woweruza ndiye amaika mlingo, poona kukula kwa chinenezo, kuchuluka kwa amene anawerenga, nthawi yomwe mawuwo anakhala poyera, ndi khalidwe lanu mutadandauliridwa. Choncho lero lomwe jambulani zomwe munalembazo pamodzi ndi tsiku ndi ndemanga zonse, sungani, kenako zifufuteni pa Facebook. Kufufuta sikuthetsa mlandu koma kumachepetsa chipepeso. Pemphani wapampando kuti buku la gulu liwerengedwe pamaso pa onse, tsamba ndi tsamba, ndipo mulijambule.

Musayankhe kalatayo nokha, ngakhale pafoni. Pitani nayo kwa loya masiku 7 aja asanathe, ndipo ngati ndalama palibe, yesani ku Legal Aid Bureau. Loya amadziwa kulemba kalata yokambirana m'njira yoti isadzasanduke umboni woti mwavomera mlandu. Buku likapanda kumuloza iye mwachindunji, uphungu wanga ndi wakuti mubweze mawu akuti mbava pamalo pomwe munawalembapo, ndipo mukambirane kuti nkhani ithere pa kupepesako kapena pa ndalama yochepa. Kutero sikukhululukira K640,000 ija. Gulu likhozabe kuitsatira padera, ku polisi kapena kukhoti.

Akakubweretserani chisamani cha Bwalo Lalikulu, lembani tsiku lomwe mwachilandira. Kuchokera tsiku limenelo muli ndi masiku 14 oti mudziwitse khoti kuti mukutsutsa mlanduwo, ndi masiku 28 oti mupereke yankho lanu lodziteteza, ndipo nthawi iliyonse mwa ziwirizi ikadutsa muli chete, mnzanuyo akhoza kupempha chigamulo inu musanamvedwe n'komwe.