Kodi had alowe pati? Yankho kwa achemwali a sukulu ya masana

"Ndikubwereza Fomu 4 pa sukulu ya masana. Aphunzitsi a Chingelezi akuti zinthu ziwiri zikachitika kale, choyamba chimatenga *had*. Koma m'mabuku ndikuona ziganizo za zochitika ziwiri zopanda *had*. Ndani akunama, aphunzitsi kapena mabuku?"

Achemwali, palibe akunama, koma lamulo limene mwapatsidwalo ndi lodulidwa pakati, ndipo limandipweteka mutu chaka chilichonse ndikamachonga zimangirizo za ana anga a Fomu 4. Ifenso tinaliloweza choncho. Mphunzitsi wina ankatiimiritsa tonse n'kumatiimbitsa kuti choyamba *had*, chachiwiri wamba. Munthu wabwino ndithu, koma anatulutsa kalasi yonse yomwaza *had* paliponse.

Zotsatira zake ndimazionabe. Mtsikana wina wanzeru ndithu anandilembera chimangirizo cha ulendo wa ku maliro a agogo ake, ndipo chinayamba motere: *I had woken up early. I had bathed. I had boarded a minibus.* Anapitiriza choncho mpaka tsamba kutha. Nditamufunsa, anandiyankha molimba mtima kuti kudzuka kunayamba kusamba kusanachitike, kusambanso kunayamba asanakwere minibasi, ndiye chilichonse chinali choyamba kwa chinzake. Ndinasowa pomugwira, chifukwa lamulolo analitsata bwinobwino. Mnzake wa pambali anali ndi matenda ena. Iye ankati *had* ndi wa zinthu zakalekale, za makolo, ndiye analemba kuti *Malawi had become independent in 1964*, n'kuika kadontho, basi. Ameneyu ndimamumvetsa, poti tikamva kuti pali nthawi ziwiri zakale timafulumira kuganiza kuti ina ndi ya dzulodzuloli, ina ya kalekale. Chingelezi sichiwerenga zaka pamenepa ayi. Chiganizocho chimangofuna *became*, ngakhale zitakhala za m'nthawi ya atsamunda kapena kale kuposa apo.

Ndinene mosabisa: lamulo la "choyamba chitenge *had*" liyenera kuchoka m'makalasi mwathu. Ntchito ya *had* si kusonyeza chimene chinayamba. Ntchito yake ndi kuchenjeza wowerenga kuti mwabwerera m'mbuyo. Mukamafotokoza nkhani, wowerenga amangokhulupirira kuti zinthu zinachitika mu ndondomeko imene mukuzitchulira. *I woke up, bathed and boarded a minibus.* Palibe amene angaganize kuti munasambira m'minibasi. Koma mukaima pa nthawi ina yake yakale n'kufuna kutchula chimene chinachitika nthawiyo isanakwane, muyenera kupereka chizindikiro, monga woyendetsa galimoto amayatsa magetsi akamabwerera chafutambuyo. Chizindikirocho ndiye *had*.

Onani ziganizo ziwiri izi:

*When I reached the depot, the bus left.*
*When I reached the depot, the bus had left.*

Choyambacho chikuti nditafika pa depoti basi inanyamuka. Ndinaiona ndi maso, mwina ndinakwera kumene. Chachiwiricho chikuti pamene ndinkafika basi inali itanyamuka kale, ndinangopeza mbuu. Mawu amodzi okhawo atembenuza ndondomeko yonse, ndipo ngati mukulembera abwana kalata yofotokoza chifukwa chimene munajombera, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti chida choyesera tili nacho m'kamwa mwathu, koma m'kalasi ya Chingelezi timaletsa ana kuchigwiritsa ntchito, mwinanso kuwapatsa chibalo akayankhula Chichewa. Palibe mwana wa ku Dedza kapena ku Mulanje amene amasokoneza "basi inanyamuka" ndi "basi inali itanyamuka". Amadziwa yekha kuti "anali atadya" amafuna nthawi ina yoimapo: anali atadya pamene chiyani chinkachitika? Munthu akangokuuzani kuti "ndinali nditapita ku Lilongwe" n'kukhala chete, mumadikira kuti amalize. *I had gone to Lilongwe* amasiyanso wowerenga m'malere chimodzimodzi. N'chifukwa chake chiganizo cha 1964 chija chimachira mukachipatsa poima: *By the time Malawi became a republic in 1966, it had been independent for two years.* Mwaima pa 1966, mukuyang'ana m'mbuyo ku 1964. Ndipo mtundawo ukhoza kukhala wa mphindi zisanu zokha, *had* alowabe.

Nanga za m'mabuku zija

Mawu ena olumikiza ziganizo amanena okha ndondomeko. *After* ndi *before* ndi otero. *After she finished the exam, she went home* ndi cholondola, *After she had finished the exam, she went home* ndi cholondolanso. Tanthauzo silinasinthe, *had* wangotsindika kuti mayesowo anatheratu. Izi ndi zimene mukuziona m'mabuku. Vuto lili pa *when*, chifukwa iye sanena chimene chinayamba, amangoika zinthu ziwiri pafupi. Pamenepo mneni ndiye amasenza katundu yense. Chachiwiri chikachitika pompopompo chifukwa cha choyamba, siyani zonse wamba: *When he opened the door, the dog ran out.* Mukalemba *had run out*, ndiye kuti galuyo anathawa chitseko chisanatsegulidwe, mwina anadzera pawindo.

Pali kena kamene kamagwetseratu lamulo la aphunzitsi lija. *The invigilator took my paper before I had finished.* Apa *had* wakhala pa chinthu chimene sichinali choyamba kuchitika, ndipotu sichinachitike n'komwe. Ife timati anandilanda pepala ndisanamalize. Mukakumana nacho musadabwe, ndi Chingelezi chabwinobwino.

Ndiwonjezere dandaulo limodzi, poti ndayamba kale. Kuno timakonda kunena kuti *I found that the bus has left*. Ngati kupezako kunachitika kale, *found*, ndiye kuti kunyamukako kuli kumbuyo kwake, choncho ndi *had left*. N'chimodzimodzi ndi *realised*, *discovered* ndi *remembered* pamene chimene munazindikira kapena kukumbukiracho chinali chitachitika kale. Komanso *had* amayenda ndi mneni wa mu mzere wachitatu pa tebulo la aneni lija munaloweza: *had gone*, *had written*, *had eaten*. *Had went* ndimaikhwatcha ndi bolopeni yofiira osaganiza kawiri.

Mtsikana wa maliro uja tinakonza naye chimangirizo chake pochotsa *had* paliponse kupatula pa malo awiri: pamene anafika n'kupeza mwambo utayamba kale, ndi pamene anakumbukira zimene agogowo anamuuza chaka chapitacho. Pa kukumbukirako ndinamuuza kuti *had* akhale m'chiganizo choyamba kapena ziwiri, wowerenga akadziwa kuti tabwerera m'mbuyo apitirize ndi aneni wamba. Olemba nthano amatero kuti nkhani isalemere.

Ndiye pa mayeso a MSCE chitani izi, achemwali. Chiganizocho chineneni m'Chichewa chamumtima. Chikatuluka ndi "anali ata-" kapena "ndinapeza ata-", lembani *had*. Chikatuluka ndi "kenako", siyani wamba. Mukaona *by the time* m'nkhani yakale, mbali inayo pafupifupi nthawi zonse imafuna *had*. Pa funso losankha yankho, ngati mpata wodzaza uli m'mbali ya *after* m'nkhani yakale, sankhani *had*, chifukwa funso lotero kawirikawiri amalikonza kuti aone ngati mukumudziwa.