Kwadirati siiponyedwa: kukonza kafukufuku wa zomera ndi kupeza indekisi ya Simpson

"Zikomo alangizi. Ndine wophunzira wa bayoloje, ndipo pulojekiti yanga ndi yoona ngati mitundu ya zomera imasiyana pakati pa m'mbali mwa njira yodutsa anthu ndi mkati mwa tchire. Aphunzitsi akuti ndigwiritse ntchito tiranzekiti ndi kwadirati, felemu ya mbali zinayi zofanana yoyala pansi powerenga zomera, kenako ndipeze indekisi yosonyeza kusiyanasiyana kwa mitundu ya zomera. Anzanga akuti ndingoponya kwadirati kakhumi n'kuwerenga zomera zomwe zagweramo. Kodi n'zokwanira? Nanga indekisiyo imapezeka bwanji?"

Zoponyazo zisiyeni. Dzanja la munthu limasankha ngakhale mwini wake atatsinzina: simudzaponya paminga, simudzaponya kutali kuposa pomwe mkono wanu ungafikitse, ndipo maso akaona pamene pali maluwa okongola thupi limatembenukira komweko. Mapeto ake mumayeza malo omwe akusangalatsani, osati tchire lonse. Komanso kuponya sikungayankhe funso lanu, chifukwa inu mukufuna kudziwa momwe zomera zimasinthira munthu akamachoka panjira kulowa mkati. Funso la mtundu umenewu, pomwe chinthu chikusintha pang'onopang'ono kuchokera uku kupita uko, ndilo ntchito ya tiranzekiti.

Tiranzekiti ndi chingwe kapena tepi yoyezera yomwe mwaitambasula pansi mowongoka. Ena amangolemba zomera zokhudza chingwecho, koma pa indekisi mukufunika manambala okwanira, choncho muziyala kwadirati m'mbali mwa chingwe pa mipata yofanana. Ine ndikanakonza motere. Sankhani chigawo cha njira chotalika mamita 50 chomwe mbali yake ili yofananako, popanda chulu apa, dambo apo. Chingwe chilichonse chiyambire m'mphepete mwa njira n'kulowa m'tchire molunjika mamita 20, mopingasana ndi njirayo. Kwadirati ya mita imodzi mbali zonse muziiyala pa mita 0, 5, 10, 15 ndi 20, nthawi zonse kudzanja lamanja la chingwe.

Chingwe chimodzi sichokwanira. Chikadutsa pansi pa mtengo umodzi wamthunzi, simungadziwe ngati zomwe mwapeza zabwera chifukwa cha njira kapena chifukwa cha mtengowo. Tambasulani zingwe zisanu, ndipo poyambira chilichonse pasankhidwe ndi manambala amwayi, osati ndi inu. Kakyuleta yasayansi yomwe ili ndi batani la `Ran#` imapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Ikakupatsani 0.374, chulukitsani ndi 50, mupeza 18.7, ndiye kuti chingwe chiyambira pa mita 19 ya njirayo. Bwerezani kasanu. Ngati nambala yagwera paminga, valani nsapato zolimba, musasunthe chingwe. Mukatero mukhala ndi makwadirati 25, asanu pa mtunda uliwonse kuchokera panjira.

Kukula kwa kwadirati kumatsatira kukula kwa zomera. Mita imodzi ndi yabwino pa udzu ndi zitsamba zazifupi. Pa timbewu tating'ono tothithikana, theka la mita mbali zonse limakwana. Mitengo imafuna bwalo la mamita 10 mbali zonse kapena kuposa, loikidwa ndi zikhomo ndi chingwe. Chachikulu n'chakuti mukayamba ndi kukula kwina mumalizenso ndi komweko.

Musanapite kutchire gwirizanani ndi mnzanu wokuthandizani pa lamulo la m'malire. Zomera zina zimamera pansi penipeni pa felemu ya kwadirati, theka mkati theka kunja. Lamulo losavuta ndi lakuti chomera chiwerengedwe ngati tsinde lake lazika mkati, ndipo zokhudza felemu ziwerengedwe pa mbali ziwiri zokha, mwachitsanzo ya kumanzere ndi ya kumtunda, zina ziwirizo ayi. Popanda lamuloli mumapezeka kuti m'mawa mukuwerenga zonse, masana dzuwa litakula mukuzidumpha.

Za mayina musade nazo nkhawa kwambiri. Indekisi siifuna dzina la chomera, imangofuna kuti musiyanitse mtundu uwu ndi uwo mosasinthasintha. Chomera chomwe simukuchidziwa chitcheni mtundu A, chijambuleni chithunzi, thyolani kanthambi kamodzi kunja kwa kwadirati mukamate m'kope, ndipo mtundu A ukhale womwewo kuyambira chingwe choyamba mpaka chomaliza. Pomwe ophunzira ambiri amagwa ndi pa timbande: kambande kamakhala ndi masamba osiyana ndi a chomera chachikulu cha mtundu womwewo, ndiye munthu amalemba mitundu iwiri pomwe pali umodzi. Maudzu amachita zosiyana ndi zimenezi, asanatulutse ngala amaoneka ngati mtundu umodzi pomwe ilipo itatu. N'chifukwa chake kafukufukuyu amayenda bwino zomera zili pa maluwa, ndipo makwadirati onse ayezedwe m'masiku oyandikana.

Mungadziwe bwanji kuti makwadirati akwana? Tengani asanu a pa mita 20. Lembani kuti yoyamba inali ndi mitundu ingati, yachiwiri yawonjezera mitundu yatsopano ingati, mpaka yachisanu. Ngati yachinayi ndi yachisanu sizikuwonjezeranso kanthu kapena zangowonjezera umodzi, mwayandikira. Ngati iliyonse ikubweretsabe mitundu iwiri kapena itatu yatsopano, tambasulani zingwe zina. Galafu ya zimenezi muiike mu lipoti, chifukwa ndiyo yankho lanu wina akadzafunsa chifukwa chomwe munaimira pa zisanu.

Tsopano masamu. Indekisi yomwe ndikukulangizani ndi ya Simpson, yomwe Edward Simpson anaifalitsa mu 1949. Kalembedwe kofala ndi aka:

```
D = 1 − Σ n(n − 1) / N(N − 1)
```

Apa `n` ndi chiwerengero cha zomera za mtundu umodzi, `N` ndi zomera zonse pamodzi, ndipo `Σ` akutanthauza kuphatikiza zomwe mwapeza pa mitundu yonse.

Manambala otsatirawa ndangowapeka kuti muone kayendedwe kake. Tinene kuti mwaphatikiza makwadirati asanu a pa mita 0, m'mphepete mwa njira, ndipo mwapeza mtundu A zomera 40, B 5, C 3, D 2. Zonse ndi 50. Mtundu uliwonse muuchulukitse ndi nambala yake kuchotsapo imodzi: 40 × 39 ndi 1560, 5 × 4 ndi 20, 3 × 2 ndi 6, 2 × 1 ndi 2. Kuphatikiza zikwana 1588. Pansi pake ndi 50 × 49, yomwe ndi 2450. Gawani 1588 ndi 2450 mupeza 0.648, muichotse pa 1, yankho ndi 0.35.

Pa mita 20, mkati mwa tchire, mwapeza mitundu inayi yomweyo koma motere: A 14, B 13, C 12, D 11. Zonse ndi 50 kachiwiri. 14 × 13 ndi 182, 13 × 12 ndi 156, 12 × 11 ndi 132, 11 × 10 ndi 110, pamodzi 580. Kugawa 580 ndi 2450 kumapereka 0.237, ndipo indekisi ndi 0.76.

Taonani bwino apa. Malo onse awiri ali ndi mitundu inayi ndi zomera 50. Mukanangowerenga mitundu, mukanati palibe kusiyana. Koma m'mphepete mwa njira mtundu umodzi wopirira kupondedwa walanda malo, inayo ikungopezeka apo ndi apo, pomwe mkati mitundu yonse yagawana malo pafupifupi mofanana. Nambala ya 0.35 ili ndi tanthauzo lomveka lomwe muyenera kulemba mu lipoti: mutatola zomera ziwiri mwamwayi pamalopo, mwayi woti zikhale za mitundu yosiyana ndi 35 pa 100. Mkati mwa tchire mwayiwo ndi 76 pa 100. Wophunzira amene angafotokoze zimenezi ndi pakamwa pake wamvetsa indekisi kuposa amene waloweza fomula.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mabuku sagwirizana pa zomwe amazitcha `D`. Ena amaima pa 0.648 osachotsa pa 1, ndipo kwa iwo nambala ikakula ndiye kuti mitundu yachepa mphamvu, umodzi ukulamulira. Ena amatembenuza fomula:

```
D = N(N − 1) / Σ n(n − 1)
```

Ndi imeneyi manambala athu omwewa apereka 1.54 panjira ndi 4.22 mkati. Zonse n'zolondola, koma tsegulani silabasi yanu muone yomwe ikufunika, muilembe poyera mu lipoti. Ngati mwagwiritsa ntchito yoyamba ija n'kupeza yankho loposa 1 kapena lochepera 0, pali pomwe mwalakwitsa, ndipo kawirikawiri n'kuti mwaphatikiza `N` molakwika.

Pali vuto lina lomwe mudzakumana nalo ndithu m'mbali mwa njira: udzu woyanga monga kapinga. Umayala mizu paliponse, ndiye palibe anganene kuti chomera chimodzi chayambira apa n'kuthera apo. Zikatero musawerenge zomera, yezani gawo la nthaka lomwe mtundu uliwonse waphimba. Lukani timizere ta ulusi pa kwadirati kuti ikhale ndi timabokosi 100, ndipo kabokosi kawerengedwe ngati mtunduwo waphimba theka lake kapena kuposa. Tinene kuti kapinga waphimba timabokosi 45, mtundu A 15, B 15, totsala 25 ndi dothi lopanda kanthu. Dothi si mtundu wa chomera, lisalowe m'masamu. Gawani nambala iliyonse ndi 75, timabokosi tonse tophimbidwa ndi zomera, mupeze `p`, gawo la mtundu uliwonse: 0.6, 0.2 ndi 0.2. Fomula yake ndi `1 − Σ p²`, ndiye 0.36 + 0.04 + 0.04 ndi 0.44, indekisi 0.56. Sankhani njira imodzi, kuwerenga kapena kuphimba, pa mitundu yonse ndi makwadirati onse. Kusakaniza ziwirizi m'fomula imodzi kumatulutsa nambala yooneka bwino koma yopanda tanthauzo.

Mukapeza indekisi ya mtunda uliwonse, jambulani galafu, mamita pansi, indekisi m'mbali. Pezaninso indekisi ya kwadirati iliyonse payokha kuti muone ngati asanu a mtunda umodzi akugwirizana. Ngati pa mita 0 akuyambira 0.2 mpaka 0.7, ndipo pa mita 20 akuyambira 0.4 mpaka 0.8, kusiyana kwake sikolimba, ndipo munene choncho.

Musadabwe ngati indekisi yakwera kwambiri pa mita 5 osati pa mita 20. Zimachitika kuti kupondedwa pang'ono kumaletsa udzu wautali kuphimba inzake, ndiye timitundu tating'ono timapeza dzuwa. Manambalawo musawakonze kuti afanane ndi zomwe munkayembekeza. Kumbukiraninso kuti indekisi siitchula chifukwa. Kuti mudzathe kunena kuti kupondedwa ndiko kwachititsa, pa kwadirati iliyonse lembaninso kutalika kwa zomera, gawo la dothi lopanda kanthu, ndi kulimba kwa nthaka, komwe mungakuyeze poona masentimita omwe chikhomo chimodzimodzi chimalowa mukachigwetsa kuchokera pa msinkhu wofanana nthawi zonse.