N'chifukwa chiyani mapiri ena amoto amangotulutsa chiphalaphala pamene ena amaphulika?

"Ndaonera mavidiyo awiri. Ina anthu aima pafupi akujambula chiphalaphala chikuyenda ngati mtsinje, ina phiri laphulika utsi mpaka kumitambo, anthu akuthawa. Kodi si moto umodzimodzi womwewo? Chimasiyanitsa n'chiyani?"

Ndaona mu ndemanga ena akuti phiri lophulika mwaukali ndi lomwe lili ndi moto wambiri. Ayi ndithu, zoona zake n'zosemphana ndi zimenezo. Chiphalaphala chomwe chimayenda mofatsa chija ndiye chotentha kwambiri, madigiri 1,100 mpaka 1,200, pamene cha mapiri ophulika mwaukali nthawi zambiri chimakhala pa madigiri 700 mpaka 900. Chomwe chimaphulitsa phiri ndi mpweya umene wasowa potulukira.

Pansi pa nthaka pali miyala yosungunuka imene akatswiri amaitcha magima. Ikatulukira kunja ndiyo timati chiphalaphala. Magimayo amakhala ndi mpweya wosungunukiramo, makamaka madzi, kenako kaboni dayokosaidi ndi mpweya wa sulufule. Ali pansi kwambiri, kulemera kwa miyala ya pamwamba kumawapanikiza moti mpweyawo suonekera n'komwe. Zili ngati botolo la chakumwa cha gasi: lisanatsekulidwe simuona thovu, koma mukangochotsa chitsekerero thovu limabadwa paliponse. Magima akamakwera kupanikizika kumachepa, timathovu timayamba, ndipo timakula akamayandikira kunja. Mpaka pamenepa mapiri onse ndi ofanana. Amasiyana pa funso limodzi: kodi timathovuto tikutha kudutsa m'magimamo n'kutuluka, kapena tatsekeredwa?

Yankho lagona pa kulimba kwa magimawo, ndipo chimene chimawalimbitsa ndi silika, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga woyera ndi galasi. M'miyala yosungunuka silika amalukanalukana, ndiye akachuluka magima amananda, sayenda. Magima a mtundu wa basaliti ali ndi silika pafupifupi 50 peresenti, ndi otentha komanso amadzimadzi. A mtundu wa dasaiti ali ndi pafupifupi 65 peresenti, ndipo a rayolaiti amapitirira 70 peresenti. Manambalawa akuoneka oyandikana, koma musanyengedwe nawo. Rayolaiti atha kulimba kuposa basaliti kuchulukitsa ka miliyoni ngakhale kupitirira apo. Ndipo poti magima a silika wambiri amakhalanso ozizirirapo, kuziziraku kumawonjezera kulimbako.

Vidiyo yanu yoyamba ija mwina ndi ya ku Hawaii kapena ku Iceland, komwe magima ambiri ndi basaliti. Phiri la Kilauea ku Hawaii linatulutsa chiphalaphala pafupifupi mosalekeza kuyambira 1983 mpaka 2018. Magima ake ali ndi madzi ochepa, osafika 1 peresenti, ndipo thovu likapangika limakwera n'kuphulikira pamwamba mosavuta. Mpweya ukachulukirapo, chiphalaphala chimathovokera m'mwamba mamita mazana angapo, koma chimagwera pomwepo n'kumayenderera kutsetsereka. Mu 2018 chinameza nyumba zoposa 700, komabe anthu anali ndi nthawi yosamuka.

Pano ndichenjezeko pang'ono, chifukwa mawu akuti "mofatsa" amapusitsa. Phiri la Nyiragongo ku Congo lili ndi chiphalaphala cha silika wochepa kwambiri, chamadzimadzi kuposa cha ku Hawaii, ndipo phirilo ndi lotsetsereka. Pa 17 Januwale 2002 mbali ya phirilo inang'ambika, chiphalaphala chinadutsa pakati pa mzinda wa Goma, kukwirira mbali ya bwalo la ndege, mpaka kukalowa m'nyanja ya Kivu. Anthu mazanamazana a zikwi anathawa. Phirilo silinaphulike mwaukali, koma amene anataya nyumba sangakuuzeni kuti linafatsa.

Tsopano mbali inayo, ndipo apa ndikhalitsapo pa phiri limodzi, St. Helens la ku America, chifukwa linapimidwa bwino lisanaphulike komanso litaphulika. Magima ake ndi dasaiti, ndipo anachokera m'nkhokwe yomwe ili makilomita 7 kapena 8 pansi pa nthaka, ali ndi madzi pakati pa 4 ndi 5 peresenti ya kulemera kwake. Zikumveka zochepa, koma tiyeni tiwerengere. Tengani chibuma cha magimawa chotalika mita imodzi mbali zonse. Chimalemera makilogalamu oposa 2,000, ndiye madzi ali m'menemo ndi makilogalamu pafupifupi 100. Kilogalamu imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi pa madigiri 900, panja popanda choipanikiza, imadzaza malo okwana zibuma zisanu zoterozo. Ndiye kuti chibuma chimodzi cha magima chanyamula nthunzi yofuna malo a zibuma 500. M'magima onanda thovu silingathawe, limangofufumira momwemo. Likafika potenga magawo atatu mwa anayi a malo onse, timakoma ta pakati pa thovu timang'ambika, magima amasweka kukhala tizidutswa, ndipo mpweya umatiponya kunja pa liwiro loopsa. Chomwe munaona ngati utsi chija si utsi wa chinthu chimene chikupsa. Ndi mwala womwewo wosweka kukhala fumbi lakuthwa ngati galasi, lomwe timangoti phulusa. Zidutswa zazikulupo zimakhala ndi timabowo tambirimbiri moti zimayandama pamadzi.

Ku St. Helens zivomezi zinayamba pakati pa Malichi 1980. Magima anakwera n'kulowa m'mimba mwa phirilo koma sanaboole pamwamba. M'malo mwake mbali ya kumpoto inayamba kutupa, pafupifupi mamita awiri tsiku lililonse, mpaka inatulukira kunja mamita oposa 100. Pa 18 Meyi, nthawi ili 8:32 m'mawa, kunachita chivomezi cha mphamvu ya 5.1 ndipo mbali yotupayo inagumuka yonse. Magima omwe anali opanikizidwa anapezeka ali poyera m'kamphindi. Kuphulikako kunalowera cham'mbali, kunagwetsa nkhalango pa dera la masikweya kilomita pafupifupi 600, kenako phulusa linakwera makilomita 24 m'mwamba ndipo linapitirira kwa maola pafupifupi 9. Phirilo linafupika ndi mamita 400. Anthu 57 anafa, mmodzi mwa iwo katswiri wa mapiri amoto David Johnston, yemwe ankaliyang'anira ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10.

Koma chomwe chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chimene chinatsatira. Phiri lomweli linadzukanso mu 2004 mpaka 2008, magima ake adakali dasaiti, olimba monga kale. Ulendo uno, kupatulapo kuphulika kwakung'ono kwa nthunzi ndi phulusa kangapo, chiphalaphala chinkangotuluka pang'onopang'ono, chili pafupifupi mwala wouma kale, n'kumaunjikana kukhala chulu chachikulu m'chibowo cha phirilo. Chinasintha n'chiyani? Magimawa anali ndi mpweya wochepa, ndipo anakwera mwapang'onopang'ono. Magima akamakwera mosafulumira, timathovu timalumikizana n'kupanga tinjira, mpweya umapulumukira m'ming'alu ya m'mbali, ndipo pofika pamwamba mphamvu yatha. Choncho kungodziwa silika sikokwanira. Liwiro lomwe magima akukwerera, ndi momwe kupanikizika kwachotsedwera, mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, n'zofunika chimodzimodzi. N'chifukwa chake ine sindikonda kugawa mapiri m'magulu awiri, ofatsa ndi aukali. Phiri limodzi litha kuchita zonse ziwiri. Ngakhale chulu chooneka chofatsacho chimatha kugumuka kapena kutseka njira, mpweya n'kuyambanso kuunjikana pansi pake.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji mapiri aukali achulukira ku Indonesia, Philippines, Japan ndi kumapiri a Andes. Kumeneko chigawo china cha nthaka ya pansi pa nyanja chimamira pansi pa chinzake, chitanyamula madzi m'miyala yake. Chikafika pakuya makilomita pafupifupi 100, madziwo amatuluka n'kuchititsa miyala ya pamwamba pake kusungunuka. Magimawo amabadwa ali kale ndi madzi ambiri. Pokwera amaima nthawi yaitali m'nthaka yochindikala, amazizirirapo, zinthu za silika wochepa zimayamba kuuma n'kutsalira, ndipo chotsala chamadzicho chimanka chichulukira silika ndi mpweya. Ku Hawaii magima amachokera pansi n'kudutsa nthaka yopyapyala ya m'nyanja, ndiye amafika asanasinthe kwenikweni.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza zonse ndanenazi: madzi a kunja. Basaliti wofatsa uja akakumana ndi madzi a m'nyanja yosaya, a pansi pa nthaka kapena ayezi, madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuswa magima. Chilumba cha Surtsey ku Iceland chinabadwa motero mu 1963: chinkaphulika phulusa lakuda pamene madzi a m'nyanja ankalowa m'chibowo, koma chitakula mpaka madzi kulephera kufikamo, chinayamba kutulutsa chiphalaphala choyenda. Kilauea yemwe uja anaphulikapo mu 1924, kuponya miyala yolemera matani angapo.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti phiri likulowera kuti? Poyamba amawerenga mbiri yake m'miyala. Ngati m'mbali mwake muli miyalo yochindikala ya phulusa ndi miyala ya timabowo ija, linaphulikapo mwaukali ndipo lingachitenso. Kenako amayang'ana zivomezi ngati zikusendera kumwamba, amapima kutupa kwa nthaka, amapimanso mpweya wa sulufule. Ku Pinatubo, ku Philippines, mu 1991, mpweyawu unakwera kuchoka pa matani 500 patsiku pakati pa Meyi kufika pa 5,000 kumapeto kwa mweziwo. Kumayambiriro kwa Juni unatsika mwadzidzidzi, koma zivomezi zikupitirira. Munthu wamba akanati phiri lagona. Akatswiri anaona kuti mwina njira yatsekeka ndipo mpweya ukuunjikana mkati. Zizindikiro zitapitirira kukula, anthu zikwi makumi angapo anasamutsidwa, ndipo pa 15 Juni phirilo linaphulika, phulusa n'kukwera makilomita oposa 30. Kutsika kwa mpweya pakokha si umboni wokwanira, chifukwa kumachitikanso magima akasiya kukwera. Chimasiyanitsa ziwirizi n'chakuti magima akaimadi, zivomezi ndi kutupa nazonso zimachepa.