Kutayipa kaundula wakale: mukonze kapena musiye?

"Ndikutayipa kaundula wa ubatizo wa mpingo wathu kuno ku Mchinji kuchokera pa zithunzi za pafoni. Masamba akale alemba caka, cifukwa, Piri, ndipo mawu ena ndi opatukana. Ndizikonza, kapena ndizikopera momwe zilili?"

Achimwene, kaundula ndi mboni, ndipo mboni sitiikonzera mawu. Mawa wina adzafuna kutsimikiza kuti agogo ake anabadwa liti, ndipo zimene mwatayipa zidzayikidwa pambali pa chithunzicho. Zikasiyana, adzakayikira inu.

Choyamba dziwani kuti mlembi uja sanalakwitse. Masiku amenewo anthu ankalemba c pamene ife timalemba ch, mpaka malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 atakhazikitsa ch. Ndiye caka musiye caka.

Tinene kuti mzere ukuti: "Anabadwa caka ca 1948 ku Fort Manning, amai ace Na Piri." Mu Excel tsegulani madanga awiri. M'danga loyamba koperani ndendende, ndi mpata womwe uli pakati pa Na ndi Piri. Lachiwiri ndi la kalembedwe ka lero: chaka cha 1948, Mchinji, amayi ake Naphiri. Limeneli ndi lothandiza pofufuza, chifukwa mdzukulu akasaka Phiri, kompyuta singamupezere Piri. Koma musafufute Fort Manning m'danga loyamba. Ndilo linali dzina la boma lino nthawi ya atsamunda, ndipo likuthandiza kudziwa zaka za tsambalo.

Pa mayina ndi manambala ndiye ndimauma mutu. Ine ndinapsapo: ndinaona Mwali, n'kuganiza kuti ndi Mwale, ndinakonza. Patapita miyezi a banjalo anabwera ndi khadi lakale la ubatizo lolembedwa Mwali yemweyo, ndipo ndinachita kubwerera ku zithunzi zonse kuona kuti ndi angati ena amene ndinawapatsa mfunda wa eni.

Zokonza zilipo, koma ndi zimene sizili m'bukumo. Ngati mwagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga malemba pa chithunzi, imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, kapena rn ndi m, ndipo kachizindikiro ka pa ŵ imakataya. Kulitsani chithunzi, mubwezere zimene inki ikuonetsa. Liwu limene laduka chifukwa mzere unatha, monga anaba- kenako dwa pansi pake, lilumikizeni; analidula ndi pepala. Mipata ikuluikulu yobwera ndi dzanja la mlembi ikhale mpata umodzi basi.

Pamene chiswe chadya kapena inki yafufuma, musalote. Lembani 194[?] n'kupitirira. Nambala 1 ndi 7 za dzanja lakale zimafanana kwambiri, choncho yang'anani mmene mlembi yemweyo walembera 7 pa mizere ina ya tsambalo. Zikakanikabe, pitani mukajambulenso tsambalo panja m'mawa, pamthunzi, foni itayang'ana pepala molunjika.