Themselves kapena each other: onani amene ntchitoyo ikumugwera

"Aphunzitsi, ndili Folomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Pa mafunso osankha yankho ndimasokonezeka akaika *themselves* ndi *each other* pamodzi, chifukwa onse amaoneka ngati akukwana. Ndingadziwe bwanji loyenera?"

Kusiyana kumeneku mumakudziwa kale, kungoti m'Chichewa kumabisala m'kati mwa mneni. Tikati "anyamata adzivulaza", aliyense wavulaza thupi lake lomwe. Tikati "anyamata avulazana", uyu wavulaza mnzake, mnzakeyonso wabwezera. Kaphatikizo ka *-dzi-* ndiko kamagwira ntchito ya *themselves*, pamene *-an-* amagwira ntchito ya *each other*. Choncho musanayang'ane mayankho anayi aja, nenani chiganizocho m'Chichewa chamumtima, mumve ngati mneni akufuna *-dzi-* kapena *-an-*.

Tiyeni tiyese ndi funso ili:

*After the match the players blamed ____. The goalkeeper said the defenders were slow, and the defenders said he was asleep.*
*A. theirselves B. themselves C. each other D. them*

Yambani ndi kuchotsa A, poti mawu amenewa saloledwa m'Chingerezi cha m'kalasi. D akutanthauza anthu ena apadera amene chiganizochi sichinawatchule, ndiye nayenso achoke. Zatsala B ndi C, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amathamanga. Mukangowerenga mpaka pa mpatawo, onse awiri akukwanadi: osewera angathe kudziimba mlandu, angathenso kuimbana mlandu. Yankho lili m'mawu otsatirawo. Goloboyi akuloza osewera kumbuyo, iwonso akuloza goloboyi. Palibe amene akunena kuti walakwa ndi iyeyo. Akulozana chala, ndiye yankho ndi C. Chiganizocho chikanatha ndi *each one said he had not trained hard enough*, aliyense akanakhala akudzidzudzula yekha, ndipo B ndiye akanakhala wolondola. Wolemba funso wabwino amasiya chizindikiro chotere, kawirikawiri kumapeto, n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti muziwerenga mpaka pa mpumiro.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwe lero osati m'chipinda cholembera mayeso.

Msampha waukulu ndi mawu oti *among*. Timati "anagawana ndalama", ndipo khutu likamva *-an-* limathamangira kwa *each other*. Koma Chingerezi chimati *They shared the money among themselves*. Chimodzimodzi *They quarrelled among themselves*, anakangana okhaokha. Mukaona mpata ukutsatira *among*, sankhani *themselves* ngakhale ntchitoyo ndi yochitirana. Apa Chichewa chikusocheretsani, choncho ingolowezani.

Palinso malo amene *themselves* amabwera popanda *-dzi-* aliyense. *They enjoyed themselves* ndi "anasangalala" basi. *They built the house by themselves* ndi "anamanga okha", popanda wowathandiza. Ndipo mu *The chiefs themselves came* mawuwa akungotsindika kuti anabwera mafumu eni ake, sanatume nthumwi. Kuzindikira kotsindikaku n'kosavuta: fufutani *themselves*, chiganizo chikaimabe chilili ndi tanthauzo lomwelo, ndiye kuti ntchito yake inali kutsindika.

Pa umwini palibe mpikisano. *They borrowed each other's books* ndi zolondola, anabwerekana mabuku, ndipo kachizindikiro ka umwini, ka *apostrophe*, kamakhala pakati pa *other* ndi *s*. *Themselves* salandira chizindikiro chimenechi. Ngati aliyense anatenga buku lake, timati *their own books*.

Mwina mudzakumananso ndi funso limene laika *each other* ndi *one another* pamodzi. Mabuku ena akale a galamala amaphunzitsa kuti loyambalo ndi la anthu awiri, lachiwirilo la anthu oposa awiri. Eni chiyankhulo satsata lamuloli kwenikweni, ndipo ine ndimaona kuti funso lotere silichitira chilungamo wophunzira. Komabe likabwera, werengani anthuwo: akakhala awiri, monga *the two sisters*, sankhani *each other*, akakhala gulu, monga *all the villagers*, sankhani *one another*. Mukatero simutaya malikisi, kaya wolemba funsoyo amatsata lamulo lakalelo kapena ayi.

Pokonzekera, tengani aneni asanu awa: *hurt*, *blame*, *teach*, *look at* ndi *introduce*. Pa mneni aliyense lembani ziganizo ziwiri, china cha *themselves* china cha *each other*, ndipo chilichonse muchiwonjezere mawu osonyeza amene ntchitoyo yamugwera. Kenako fufutani mayankhowo, mupatse mnzanu wa m'kalasi adzaze mipatayo. Akakayika pa chiganizo china, ndiye kuti chizindikiro chanu sichinakwane, ndipo muchilembenso.