Akufuna digiri, ine ndili ndi zaka 11 m'munda wa tiyi

"Ndili ndi dipuloma ya zaulimi ndipo ndagwira ntchito zaka 11 pa esiteti ina kuno ku Thyolo, kuyambira pa ukapitawo. Ku Mulanje akufuna wachiwiri kwa manejala wa minda, koma alemba kuti akhale wa digiri. Ndingadziwe bwanji ngati angandiganizire?"

Bambo, yambani mwawerenganso chilengezocho mofatsa, makamaka mawu otsatira pamene atchula digiripo. Ngati alemba kuti "or equivalent experience", ndiye kuti zaka zimene munthu wagwira ntchito akuziwerengera, ndipo khomo ndi lotsekula. Koma ngati alemba kuti "or equivalent qualification", akunena pepala lina la sukulu lolingana ndi digiri, osati luso la kumunda. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amangoona liwu lakuti "equivalent" n'kuthamangira kukatumiza kalata.

Chachiwiri ndi kuona amene akulemba ntchitoyo. M'boma, pepala limene atchula ndi limene amasefera anthu, ndipo wopanda pepalalo kawirikawiri safika n'komwe pa intavyu. Ntchito za unamwino ndi udokotala nazonso sizikambirana, poti zimafuna kuti munthu akhale m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchitozo. Esiteti ya tiyi ndi kampani yoyima payokha, choncho mabwana ake ali ndi ufulu wofewetsa zimene analemba okha akapeza munthu wodziwa munda.

Ngati chilengezocho sichinena kanthu, musalote. Imbani foni kapena lembani ku ofesi yolemba anthu ntchito tsiku lotsekera lisanayandikire, ndipo musafunse kuti, "Kodi opanda digiri mukuwalandira?" chifukwa yankho losavuta kwa kalaliki ndi lakuti ayi. Nenani kuti muli ndi dipuloma ndi zaka 11, mwa izo zakutizakuti mukuyang'anira akapitawo anzanu, kenako funsani ngati kalata yotere imafika kwa osankha kapena imachotsedwa pa kusefa koyamba. Akati digiri ndi lamulo la kampani, mwapulumutsa ndalama za fotokope. Akati "tumizani tione", funsani dzina la amene mwalankhula nayeyo kuti mudzamutchule m'kalata yanu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu aluso ngati inu amalemba mzere umodzi wokha, wakuti "ndinali kapitawo". Zaka pazokha sizilankhula. Tengani ntchito iliyonse imene ili pa chilengezocho muyiyankhe ndi zimene munachita: mahekitala amene munayang'anira, chiwerengero cha othyola tiyi m'miyezi ya mvula pamene masamba achuluka, makilogalamu amene ankapita ku fakitale, ndondomeko ya kudulira ndi kuthira feteleza, komanso ngati munagwirapo bajeti. Bajetiyo ndi malipoti olemba ndi zimene amakayikira kwambiri mwa munthu wopanda digiri, ndiye pemphani manejala wanu kuti kalata yake yokuchitirani umboni izitchule mwachindunji.